Dzira lofewa silifuna moto waukali

Dzira lokazinga limene ambirife tinakula tikudya ndi la moto waukali. Mafuta amatenthetsedwa mpaka ayambe kufuka utsi, dzira n'kuswedwera momwemo, kumangomveka waaa, wophika n'kudumphira kumbuyo kuopa kuthethekeredwa ndi mafuta. Isanathe mphindi imodzi m'mphepete mwada kale, choyera chatupa matuza, pansi pauma gwa. Dzira lotere lili ndi malo ake. Likaponyedwa mumsuzi wa tomato ndi anyezi kuti likhale ndiwo ya nsima, kulimba kwakeko kumalithandiza kuti lisasungunuke, ndipo makwinya akewo amagwira msuzi bwino. Palinso maiko monga Thailand ndi Spain kumene anthu amachita kufuna dzira la m'mphepete mokhukhuta, n'kumalikazinga m'mafuta ambiri otentha mwadala.

Koma pali dzira lina, lodyera buledi, mbatata kapena mpunga, limene choyera chake chimapsa chonse koma chili chofewa mpaka m'mphepete, chachikasu chake chili chotentha ndi chothina pang'ono, choti ukachiboola chimayenderera pang'onopang'ono. Ambiri akafuna dzira limeneli amachita chinthu chimodzi: amasiya moto uli waukali chomwecho, n'kungofulumira kuliphula. Zotsatira zake zimadziwika. M'mphepete mumalimba ngati mphira, moti supuni imakanika kudula, pomwe pamwamba, mozungulira chachikasu, pakadali choyera chachiwisi chonanda. Mbali imodzi lapsa mopitirira, mbali ina silinapse, m'chiwaya chimodzi chomwecho. Kufulumira sikungakonze zimenezi, chifukwa cholakwika ndi moto.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi zimene zili m'kati mwa chigoba. Choyera cha dzira pafupifupi chonse ndi madzi: mwa magawo 10, pafupifupi 9 ndi madzi, gawo limodzi lotsalalo ndiye mapuloteni. Dzira likadali laliwisi, mapuloteniwa amakhala opindanapindana, lililonse payekha, akuyandama m'madzimo, n'chifukwa chake choyera chachiwisi chimaonekera mpaka pansi. Akamva kutentha amatambasuka n'kuyamba kugwirana, ndipo pogwiranapo amatsekera madzi aja pakati pawo. Pamenepo m'pamene choyera chimasanduka choyeradi, chogwirana koma chofewa, chifukwa madzi ake akadali momwemo. Kutentha kukapitirira, mapuloteni aja amakokana mothina kwambiri, madzi amafinyidwira kunja n'kuuluka ngati nthunzi, ndipo chotsala ndi chikopa chouma chija chovuta kutafuna.

Chodabwitsa n'chakuti kutentha kumene dzira limafuna n'kochepa kwambiri. Choyera chimayamba kugwirana chikafika madigiri 62 mpaka 65, ndipo pofika cha m'ma 80 chimakhala chapsa chonse. Chachikasu chimayamba kuthina cha pa madigiri 65, ndipo chikadutsa 70 chimauma. Madzi amawira pa madigiri 100. Ndiye kuti dzira lonse limapsa pa kutentha kosakwana n'komwe kuwiritsa madzi a tiyi. Pomwe mafuta amene ayamba kufuka utsi amakhala atafika cha m'ma 200 kapena kupitirira apo. Kuika dzira m'mafuta otere ndi kulipatsa kutentha kopitirira kawiri kumene likufunika, ndipo gawo limene limalandira nkhanzayo poyamba ndi lopyapyala kwambiri, la m'mphepete. Madzi a pamenepo amatha m'masekondi ochepa, ndipo akangotha palibenso chotchinjiriza. Mtundu wofiirira uja umayamba kuoneka pamalo pamene pauma ndipo padutsa madigiri 140.

Vuto lachiwiri n'lakuti chiwaya chimatenthetsa pansi pokha. Kutentha kumayenera kukwera kuchoka pansi, kudutsa m'choyera, kukafika pamwamba, ndipo choyera chimene chagwirana kale sichifulumira kudutsitsa kutentha. Mukawonjezera moto, kutentha kwambiri kumangodzazana pansi, pamwamba pamakhalabe pambuyo. Choncho ntchito ya wophika ili pawiri: kuchepetsa moto wa pansi, ndi kupeza njira yotenthetsera pamwamba. Zonse zimene zikutsatira m'nkhani ino zikuchokera pa mfundo ziwirizi.

Dzira lenilenilo

Musanakoleze n'komwe moto, theka la nkhaniyi limakhala litagamulidwa kale ndi dzira limene mwagula. Mukaswera dzira laposachedwa m'mbale n'kuliyang'anitsitsa, muona kuti choyera chili mitundu iwiri. Pali chothina, chimene chimaunjikana mozungulira chachikasu n'kuima chotumphuka, ndiye pali chamadzimadzi chochepa chimene chimayenderera kunja. Dzira likamakhalitsa, mpweya umatuluka kudzera m'timabowo ta chigoba, ndipo chothina chija chimasungunuka pang'onopang'ono kusanduka chamadzimadzi. Kakhungu kokuta chachikasu nakonso kamafooka. N'chifukwa chake dzira lakale mukaliswera m'chiwaya limathamanga kudzaza chiwaya chonse, chachikasu chili chaphwatalala, chosachedwa kuphulika. Choyera chomwazika chopyapyalacho n'chimene chimasanduka m'mphepete molimba, ngakhale moto utakhala wabwino.

Kutentha kumafulumizitsa kukalamba kumeneku. Thileyi ya mazira imene yakhala pawindo la okala ikuwombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala imakalamba msanga kuposa mazira osungidwa pamthunzi pozizira. Ngati mukukayika, ikani dzira m'kapu ya madzi. Laposachedwa limamira n'kugona chammbali. Limene lakhalitsako limamira koma mbali yaikulu ija ili m'mwamba, chifukwa kathumba ka mpweya ka kumeneko kakula. Limene layandama musavutike nalo. La kuimirira lija n'lodyeka, koma ndi bwino kuliphika m'madzi kapena kulimenya ndi tomato. Ngati ndi lokhalo limene muli nalo, lisweleni pa sefa ya tiyi ya timabowo ting'onoting'ono kwa masekondi ochepa, chamadzimadzi chija chidonthe, n'kukazinga chotsalacho. Dzira limachepako pang'ono, koma limakhala lozungulira bwino m'chiwaya.

Mazira a nkhuku zachikuda amakhala ang'ono kuposa a m'thileyi, choncho amapsa msanga, ndipo nthawi zonse zimene nditchule apa muzizichepetsako. Dzira lochokera m'firiji liikeni kaye m'madzi ofunda kwa mphindi 5, chifukwa lozizira kwambiri limachedwa kupsa pamwamba, pansi n'kuyamba kuuma.

Mazira awiri pambaula

Titenge chitsanzo chovuta kuposa zonse, chimene chilinso chofala m'makomo mwathu: mazira awiri, mbaula ya makala, ndi chiwaya chopyapyala cha aluminiyamu. Mbaula ilibe kabatani kochepetsera moto, ndipo chiwaya chopyapyala chimatentha msanga pamalo pamene pali khala. Amene waphunzira dzira lofewa pamenepa sangavutike nalo pena paliponse.

Choyamba ndi nthawi. Musakazinge dzira makala akangoyaka kumene, ali psuu. Yambani mwaphika zina zofuna moto wambiri, madzi a tiyi kapena phala, dzira likhale lomaliza, pamene makala atsika ndipo avala phulusa pamwamba. Ngati akadali aukali, kokerani ambiri mbali imodzi ya mbaula, kapena awazeni phulusa pang'ono, ndipo ngati mbaula yanu ili ndi kachitseko ka mphepo, katsekeni. Pamoto wa nkhuni, fumulani zikuni kuti malawi athe, mukazingire pamakala otsalawo. Kenako ikani dzanja lanu pamwamba, pamene chiwaya chikhale. Ngati simungathe kupirira kufika powerenga kasanu, moto ukadali wambiri.

Sweraninso mazirawo m'kapu kapena m'kambale musanatereke chiwaya. Ena amaona ngati n'kuchulutsa mbale zotsuka, koma kuli ndi phindu lenileni. Kumakupatsani mpata woona ngati dzira lili bwino, kumakulolani kuchotsa kachigoba kogweramo, ndipo mumalitsanulira m'chiwaya chapafupi, mofatsa, osati kuliponya kuchokera m'mwamba n'kuphulitsa chachikasu. Poswa, menyetsani pamalo afulati monga pathebulo, osati pamlomo wa chiwaya, chifukwa mlomo wakuthwa umakankhira zigoba m'kati. Chivundikiro chikhale pafupi, pamodzi ndi madzi pang'ono m'kapu ndi mbale yodyera. Dzira likalowa m'chiwaya sipakhalanso nthawi yofunafuna zinthu.

Terekani chiwaya, thiranimo mafuta okwana supuni yaikulu imodzi, ndipo chipendeketseni kuti mafuta afike paliponse. Supuni imodzi ndi yokwanira mazira awiri. Cholinga n'chakuti dzira likhale pamwamba pa mafuta, osati kusambira m'mafuta. Apa ndipo pali luso lonse: kudziwa pamene mafuta afika poyenera. Viikani nsonga ya foloko m'choyera cha dzira n'kudonthezera kadontho m'chiwaya. Kakangokhala chete, koonekera, osasintha, chiwaya sichinatenthe. Kakalira tswee, n'kutupa, n'kuda nthawi yomweyo, chatentha mopitirira: chiphuleni, chikhale pansi kwa theka la mphindi, muyesenso. Chimene mukufuna n'chakuti kadontho kaja kayere m'masekondi awiri kapena atatu, kakutulutsa timathovu ting'onoting'ono m'mbali, ndi kaphokoso kapansipansi.

Amene amakazingira batala kapena majarini ali ndi mwayi, chifukwa mafuta amenewa amadzinenera okha. M'kati mwake muli madzi, ndiye akasungunuka n'kuyamba kuchita thovu, ndiye kuti chiwaya chafika cha pa madigiri 100, ndipo nthawi yothira dzira ndi yomweyo, thovu lisanathe. Batala akayamba kufiira ndi kununkhira ngati mtedza wokazinga, mwachedwa. Wophika wina wotchuka wa ku France, Fernand Point, mwini malo odyera a La Pyramide mumzinda wa Vienne, amene anamwalira mu 1955, amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa cha dzira lake lokazinga m'batala pamoto wochepetsetsa, loyera lonse popanda pofiira. Majarini ena opakira buledi ali ndi madzi ambiri zedi moti amathetheka ndi kumatiritsa dzira; amenewo ndi bwino kuwasakaniza ndi mafuta ophikira pang'ono.

Tsopano tsitsani kapu mpaka itatsala pang'ono kukhudza mafuta, n'kutsanulira mazira pang'onopang'ono. Kuyambira pano khutu lanu ndilo likutsogolereni kuposa maso. Dzira limene likupsa bwino limalira motsitsa, mosadukiza, moti munthu amene ali panja sangadziwe kuti mukukazinga. Likayamba kuthetheka, kulavula mafuta, m'mphepete mukugwedezeka ndi matuza aakulu, musadikire kuti muone mtundu: nyamulani chiwaya m'mwamba kapena chisunthireni mbali yopanda makala mpaka phokoso litsike, kenako chibwezereni. Chiwaya chopyapyala chija, chimene timachinyoza, chili ndi ubwino umodzi pamenepa, wakuti chimazizira msanga mukachichotsa pamoto. Pambaula, dzanja logwira chiwaya ndilo kabatani kanu, ndipo si zachilendo kuchinyamula kawiri kapena katatu dzira limodzi lisanapse.

Mphindi yoyamba musalikhudze. Muona choyera chikuyamba kuyera kuchokera pansi ndi m'mphepete, kulowera chapakati. Chimene chimatsalira nthawi zonse ndi chothina chija chozungulira chachikasu, chifukwa ndi chochindikala. Mungachithandize pochiboola ndi nsonga ya mpeni kapena foloko malo awiri kapena atatu, mosamala kuti musakhudze chachikasu, kuti chachiwisi cha pamwamba chiyenderere n'kukafika pachiwaya. Kanthu kakang'ono aka kamachotsa pafupifupi vuto lonse la kunanda kuja.

Pansi pakayera ndipo m'mphepete mwagwirana, yafika nthawi yotenthetsa pamwamba. Thirani madzi okwana supuni yaing'ono imodzi m'mbali mwa chiwaya, pamene palibe dzira, n'kuvundikira nthawi yomweyo. Ngati chiwaya chilibe chivundikiro chake, cha poto kapena mbale yachitsulo imagwira ntchito, bola chitseke bwino. Madziwo amachita ntchito ziwiri pakamodzi. Amasanduka nthunzi imene imapsetsa pamwamba pa dzira, ndiponso amaziziritsa chiwaya, chifukwa pamene pali madzi kutentha sikungadutse madigiri 100. Motero m'mphepete mumatetezedwa nthawi yomweyo imene pamwamba pakupsa. Musapitirize muyezo. Madzi akachuluka dzira limangowira, limatuluka lonyowa, lopanda fungo la chokazinga.

Pakatha mphindi imodzi vundukulani muone. Gwedezani chiwaya pang'ono. Choyera chimene chapsa chimayenda chonse pamodzi, sichionekeranso, ndipo palibe malo onyezimira ngati madzi. Chachikasu chokha ndicho chiyenera kugwedezeka. Ngati pafupi ndi chachikasu pakadali poonekera, vundikiraninso kwa masekondi 20 kapena 30. Pamwamba pa chachikasu pakayamba kuchita kankhungu koyera, ndiye kuti kachoyera kopyapyala kamene kamakuta pamenepo kapsa, ndipo chachikasu chatsala pang'ono kuyamba kuuma. Ena amakakonda kankhungu kameneka, ena amafuna chachikasu chowala. Amene akufuna chowala avundikire mosiya kampata, kapena afupikitse nthawi yovundikira. Zonse pamodzi, kuchokera pothira dzira mpaka pophula, zimatenga mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono.

Phulani dzira likadali ngati latsala pang'ono, ndipo lichotseni m'chiwaya nthawi yomweyo. Dzira silisiya kupsa chifukwa chakuti lachoka pamoto. Kutentha kumene kuli m'chiwaya ndi m'choyera kumapitiriza kulowa m'chachikasu, moti dzira limene linali bwinobwino pophula, likasiyidwa m'chiwaya pamene mukudula buledi, mulipeza lauma pansi. Lowetsani chotembenuzira chopyapyala pansi pake mofatsa. Ngati mafuta anali okwanira ndipo pansi pagwirana, limangoterera lokha. Mchere uthiridwe pomaliza, ndipo ngati mumasamala maonekedwe, uwazeni pachoyera, chifukwa mchere ukagwera pachachikasu chisanapse umasiya timadontho.

Popanda chivundikiro

Pali njira zina ziwiri zotenthetsera pamwamba. Yoyamba ndi kuthirira mafuta. Mumawonjezera mafuta kufika masupuni awiri, ndipo pansi pa dzira pakagwirana, mumapendeketsa chiwaya kuti mafuta asonkhane mbali imodzi, n'kumawatunga ndi supuni kuthira pachoyera chokha, mobwerezabwereza, mpaka chiyere. Ineyo njira imeneyi ndimaikonda kuposa ya madzi pa nkhani ya kakomedwe, makamaka ndi batala, ndipo imasiya chachikasu chowala chifukwa mumasankha nokha pothira. Koma imadya mafuta, ndipo pambaula imafuna dzanja lozolowera, popeza chiwaya chopendekeka chimayandikitsa mafuta kumoto.

Yachiwiri ndi kutembenuza. Choyera chikapsa pafupifupi chonse, mumalowetsa chotembenuzira mpaka pansi pa chachikasu, n'kulitembenuza chapansipansi, osaliponya. Kenako phulani chiwaya, dzira likhale chafufumimba masekondi 15 kapena 20 pa kutentha kotsalako, basi. Njira imeneyi imatsimikiza kuti palibe choyera chachiwisi, n'chifukwa chake imayenera anthu amene amanyansidwa ndi kunanda. Choopsa chake ndi kuphulika kwa chachikasu, ndipo dzira lakale silipirira kutembenuzidwa.

Pa mbale yamagetsi ija yachitsulo, vuto ndi losiyana ndi la mbaula. Imachedwa kutentha, anthu n'kuipotokolera pa nambala yomaliza kuti ifulumire, ndiyeno imachedwanso kuzizira, moti kuchepetsa nambala dzira lili kale m'chiwaya sikuthandiza kanthu. Ngati nambala zake zimafika 6, yambirani pa 2 kapena 3 n'kudikira mphindi zingapo, ndipo mukavundikira zimitsani, kutentha kotsalako kumalize ntchito. Ikapsa mtima, chitani za pambaula zomwe zija, kunyamula chiwaya. Gasi ndi wosavuta chifukwa amamvera nthawi yomweyo; lawi likhale laling'ono, losafika m'mbali mwa chiwaya. Chiwaya chachitsulo chochindikala chimagawa kutentha mofanana kuposa chopyapyala, koma chikatentha mopitirira chimasunga ukaliwo nthawi yaitali, ndiye chiyambitseni pamoto wochepa. Chiwaya chokutidwa chosamatirira chimapeputsa ntchito yonseyi, bola musachitenthetse chopanda kanthu pamoto waukulu, ndiponso musachikande ndi foloko.

Ndiyenera kuchenjezanso za mbali inayo, chifukwa munthu akamva kuti moto ukhale wochepa amatha kupitirira nazo. Dzira lothiridwa m'chiwaya chozizira limamwazika lisanagwirane, ndipo m'chiwaya cha aluminiyamu kapena chachitsulo limamatirira, chifukwa limakankha mafuta n'kukagwira chitsulo lisanapse. Likakhala pamoto wofooka kwa mphindi 7 kapena 8 losavundikira, madzi ake amauluka pang'onopang'ono, choyera chimalimbabe ngakhale sichinade, ndipo chachikasu chimauma kuchokera pansi. Moto wofatsa si moto wakufa. Kaphokoso kaja kayenera kumveka kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza.

Dzira lophikidwa limanena lokha chimene chinalakwika, ndipo ndi bwino kuliyang'ana musanalidye. M'mphepete mofiira ndi mabowo m'choyera zikutanthauza kuti mafuta anali otentha kwambiri pothira. Pansi pofiira mbali imodzi yokha ndi khala limene linali pansi pomwepo, ndiye ulendo wina muzizunguza chiwaya. Choyera chofewa bwino koma chachikasu chouma pamwamba ndi chivundikiro chimene chinakhalitsa. Chachikasu chouma pansi ndi dzira limene linachedwa kuchoka m'chiwaya. Ndipo ngati mwachita zonse bwino koma pali mphonje yopyapyala youma kuzungulira dzira lonse, cholakwa si chanu, dziralo linali lakale.

Amene sayenera kudya chachikasu chofewa

Pali chinthu chimene sitingachilambalale. Chachikasu chimene chikuyenderera sichinafike pa kutentha kopha tizilombo tonse. Mazira ena amakhala ndi tizilombo ta Salmonella, pachigoba kapena m'kati mwenimweni, timene timayambitsa kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo dzira lotere silisiyana maonekedwe kapena fungo ndi labwino. Munthu wamkulu wathanzi nthawi zambiri amachira, koma kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika, matendawa atha kukhala oopsa. Ku Britain, mu 2017, bungwe loona za chakudya la Food Standards Agency linalola kuti ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba azidya mazira ofewa, koma okhawo okhala ndi chidindo cha mkango cha British Lion, chifukwa nkhuku zake zimalandira katemera wa Salmonella. Dzira la pamsika kapena la m'khola la kuseri kwa nyumba lilibe chitsimikizo chotere.

Choncho dzira lofuna kudyedwa lofewa likhale laposachedwa, losang'aluka, lopanda zitosi pachigoba. Musatsuke mazira n'kuwasunga, chifukwa madzi amachotsa kakhungu kotseka timabowo ta chigoba, tizilombo n'kupeza polowera. Lakuda lipukuteni ndi kansalu kouma, ndipo limenelo lipseretu. Sambani m'manja mukamaliza kuswa, ndipo dzira lofewa lidyedwe nthawi yomweyo, lisaikidwe m'kontena kuti mwana akadye kusukulu.

Kwa mwana, mayi woyembekezera kapena agogo, njira ya moto wofatsayi ikugwirabe ntchito, kungoti mumaitalikitsa. Mukathira madzi n'kuvundikira, musavundukule pa mphindi imodzi. Lisiyeni mphindi zitatu, ndipo madzi akatha onjezani supuni yaing'ono ina kuti pansi pasaume. Kapena boolani chachikasu ndi foloko poyambirira kuti chifalikire ndi kupsa mofanana ndi choyera. Dinani pakati ndi kumbuyo kwa supuni: pakakhala polimba, osatuluka chamadzi, lapsa lonse. Chifukwa chakuti nthunzi ndiyo yagwira ntchito yaikulu, choyera chimakhalabe chofewa mpaka m'mphepete, moti ngakhale agogo amene mano anatha amatha kulidula ndi supuni.